Lekani kuthamangira kunena "lowani" apolisi akagogoda

Ana anga, tamverani kuno. Ndakhala zaka zambiri pa mabenchi a khoti ndikumvetsera milandu, ndipo chimene chimandiwawa mtima n'chakuti anthu ambiri mlandu amauluzira pakhomo la nyumba yawo, asanaone n'komwe nkhope ya majisitireti. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, apolisi angogogoda, iye mwendo njenjenje, chitseko n'kutsegula, "lowani bwana," osafunsa dzina, osafunsa chimene abwerera, pepala limene agwira osaliwerenga. Mawa lake ndiye kumalira kuti amulakwira. Khalidwe limeneli lithe.

Ndikuuzeni za mwana wa mchemwali wanga. Kunja kusanayere bwino, cha m'ma 5 koloko, pakhomo pake panafika amuna anayi, awiri atavala yunifomu, awiri zovala wamba. Anati akufuna laputopu yobedwa. Mmodzi anakweza pepala m'mwamba n'kulipinda msanga, n'kulibweza m'thumba. Mphwangayo, poti ankadziwa kuti laputopu alibe, anati, "Lowani, fufuzani paliponse, ine ndilibe chobisa." Iye anatsala panja akumanga lamba wa thalauza, mkazi wake anatenga ana kupita nawo kwa aneba kuti asaone. M'nyumba munatsala alendo okhaokha, aliyense chipinda chake. Patapita mphindi ngati 20 anatuluka ndi chikwama chimene mnzake wina anasungitsa masiku apitawo, m'kati muli mafoni atatu. Anatenganso wailesi yakanema ndi envelopu ya ndalama za lendi. Palibe analemba mndandanda wa zimene zatengedwa. Kusiteshoni anampatsa pepala kuti asaine, iye n'kusaina osawerenga. Pepalalo linkati chipikisheni chinachitika iye atavomera mwa kufuna kwake, ndipo chikwama n'chake.

Loya atadzalondola nkhaniyi, anapeza kuti chikalata chimene anakweza m'mwamba chija chinali chenicheni ndithu, koma chinali cha nyumba yoyandikana nayo, dzina la munthu wina. Akanangochiwerenga, mzere wachiwiri womwewo akanaona. Safunsa anadya phula, ndipo mwanayu analidya ndi manja awiri.

Tsono mvetsani chimene lamulo limanena. M'mayiko amene amalemekeza malamulo, nyumba ya munthu salowamo mwachisawawa, ngakhale akhale a boma. Pangano la mayiko onse la ufulu wa anthu la mu 1966, m'ndime 17, limaletsa kulowerera nyumba ya munthu popanda chifukwa cha lamulo. Malamulo aakulu a Malawi a mu 1994 amanenanso zomwezo m'gawo 21. N'chifukwa chake wapolisi amene akufuna kusecha nyumba amayamba wapita kwa majisitireti, n'kulumbira, n'kufotokoza chifukwa chomveka chokhulupirira kuti m'nyumba yakutiyakuti muli chinthu chakutichakuti chokhudza mlandu. Majisitireti akakhutira ndiye amasaina waranti. Cholinga chake n'chakuti pakati pa inu ndi wapolisi paime munthu wachitatu amene alibe mbali pa nkhaniyo.

Koma chitetezo chimenechi n'chanu, ndipo mukhoza kuchitaya ndi pakamwa panu. Mukavomera kuti alowe, waranti safunikanso. Liwu limodzi lakuti "lowani" limachita ntchito yonse imene majisitireti akanachita. Ndipo musayembekezere kuti nthawi zonse wapolisi akukumbutsani kuti mukhoza kukana. Khoti lalikulu la ku America linagamula mu 1973 kuti chilolezo chimakhala chenicheni ngakhale wapolisi asanamuuze munthu kuti ali ndi ufulu wokana, bola sanamukakamize.

Wina anena kuti, nanga mphwanuyo si anavomera chifukwa anamuonetsa pepala? Zoona, ndipo lamulo limadziwa kusiyana kwa kuvomera ndi kugonja. Ku America komweko mu 1968, pa mlandu wa Bumper, apolisi anafika pa nyumba ya agogo ena amasiye n'kunena kuti ali ndi waranti. Agogowo anawalola, ndipo anapeza mfuti. Khoti linati chimenecho si chilolezo, chifukwa munthu wouzidwa kuti pali waranti amaona kuti alibe kothawira. Loya wa mphwanga anayesa njira yomweyo. Koma angaipirire bwanji pamene siginecha ya mwini wake ili pansi pa mawu akuti ndinavomera ndekha, mboni palibe, mkazi anali kwa aneba? Dzanja lake lomwe linamutseka pakamwa.

Choncho akagogoda, choyamba funsani kuti ndi ndani, aonetse chiphaso cha ntchito, makamaka ngati avala zovala wamba. Akuba nawonso amadziwa kunena kuti "ndife apolisi." Kenako funsani mwaulemu, "Bwana, muli ndi waranti? Ndingaione?" Itengeni m'manja, muwerenge, kapena muitane wodziwa kuwerenga. Onani ngati malo olembedwawo ndi nyumba yanu, onani tsiku, siginecha ya majisitireti ndi chidindo cha khoti. Kenako mukhazikike pa mzere wa zinthu zimene akufuna, chifukwa mzere umenewo ndiwo mpanda wa chipikisheni chonse. Ngati waranti ikuti wailesi yakanema, angayang'ane kuseri kwa kabati ndi pansi pa bedi, koma wailesi yakanema singalowe mu envelopu kapena m'kachikwama ka m'manja ka mayi, ndiye alibe chifukwa chotsegulira zimenezo. Ikati mapepala kapena mankhwala ozunguza bongo, pamenepo ndiye ngakhale kadirowa kakang'ono akhoza kutsegula. Dziwaninso kuti chinthu choletsedwa chimene angochiona poyera ali m'kati movomerezeka akhoza kuchitenga ngakhale sichinalembedwe.

Ndipo musasokoneze waranti yomangira munthu ndi yosechera nyumba. Ndi mapepala awiri osiyana. Yomangira imawapatsa mphamvu yogwira munthu wotchulidwayo, ndi kulowa pamene ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti iye ali m'kati. Akamugwira angamuseche m'thupi ndi pamene dzanja lake lingafike, kuopa mpeni kapena kuti angataye umboni. Pa mlandu wa Chimel mu 1969, apolisi a ku California anagwira munthu m'nyumba mwake ndi waranti yomangira, kenako n'kusanthula nyumba yonse ya zipinda zitatu zogona, mpaka m'madirowa. Khoti lalikulu la ku America linati apyola malire. Malire amenewa amasiyana dziko ndi dziko, koma funso lofunsa ndi lomwelo: pepala ili likulola chiyani?

Ndisakunamizeni kuti popanda waranti wapolisi sangalowe konse. Ngati akuthamangitsa munthu amene wapalamula n'kuthawira m'nyumba mwanu, alowa. Ngati m'kati mukumveka kukuwa kwa munthu amene akumenyedwa, alowa, ndipo ife tonse tiyenera kuthokoza kuti alowa. Malamulo ambiri amalolanso kulowa ngati pali chifukwa chomveka chakuti podikira majisitireti umboni uwonongedwa. Panjira napo, wapolisi angaimitse munthu kapena galimoto n'kusecha ngati ali ndi chifukwa chomveka chokayikira kuti muli katundu wobedwa kapena woletsedwa. Chifukwa chomveka ndi chimene angachifotokoze pamaso pa khoti, monga kuti wina anapereka lipoti lofotokoza maonekedwe anu ndi katunduyo. Kungoti nkhope yanu sinamusangalatse si chifukwa. Ndipo mzimayi amasechedwa m'thupi ndi mzimayi mnzake, mwaulemu. Amayi, chimenechi muzichinena, musamangozyolika.

Tsopano nditembenukire kwa inu anyamata a magazi otentha, amene mwamva mawu akuti ufulu n'kuyesa kuti ndi chibonga. Wapolisi akaumirira kulowa, inu n'kuima pachitseko, kumukankha, kumukoka kolala, kapena kudumpha mpanda. Mwapindulanji? Pamene munalibe mlandu, tsopano muli ndi wotsekereza wapolisi pa ntchito yake kapena womumenya, ndipo mlandu umenewo mboni zake ndi apolisi anayi. Mwinanso mwathyoka nthiti. Kukana kwa munthu wanzeru n'kwa pakamwa. Nenani momveka, aneba akumva: "Ine sindikuvomera chipikisheni chimenechi, koma sindikutsekerezani." Mukatero patukani. Zakuti analakwa kapena sanalakwe zikakambidwa kukhoti, ndipo kumeneko mawu amenewo adzakuimirani.

Akalowa, musachoke. Yendani nawo chipinda ndi chipinda, pemphani kuti asabalalike, ndipo itanani munthu wamkulu woyandikana nanu aone ndi maso ake. Chilichonse chimene atenga chilembedwe inu mukuona: mtundu wake, nambala yolembedwa pa foni kapena pa wailesi, ndalama ziwerengedwe pamaso panu. Pemphani kope la mndandandawo. Envelopu ya lendi ya mphwanga sinaonekenso, ndipo panalibe pepala lililonse losonyeza kuti inatuluka m'nyumbamo.

Akati akukumangani, funsani chifukwa chake. Ayenera kukuuzani, m'chilankhulo chimene mukumva. Muli ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya. Ku Malawi gawo 42 la malamulo aakulu limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likhala ngati maolawo athera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito. Perekani dzina lanu ndi kumene mukhala, koma nkhani yaitali ya chikwama cha mnzanu idikire loya, ndipo sitetimenti imene simunawerenge kapena kuwerengeredwa musaikepo dzanja.

Pali bodza limene achinyamata amanamizana, lakuti apolisi akasecha molakwika ndiye kuti mlandu watha. Ku America umboni wotero kawirikawiri umatayidwadi. Koma m'mayiko ambiri amene anatengera malamulo a ku Mangalande sizili choncho. Mu 1955, pa mlandu wa Kuruma wochokera ku Kenya, munthu anasechedwa ndi apolisi a udindo wochepa, amene lamulo la nthawiyo silinkawalola kusecha, ndipo anati amupeza ndi zipolopolo ziwiri. Khoti la apilo la ku London linati umboniwo ulandiridwe, poti ukukhudza mlanduwo, mosayang'ana mmene unapezekera, ngakhale woweruza angaukane ukakhala wopondereza woimbidwa mlandu. Munthuyo anali ataweruzidwa kuti aphedwe. Ndiye musamati "alowe, ndikawagonjetsa kukhoti." Mafoni atatu aja anafika pamaso pa majisitireti, ndipo mphwanga anagona m'chitolokosi masabata angapo asanapeze belo, ntchito n'kumuthera, mnzake wa chikwama uja atazimiririka.

Alendowo akangochoka, tsiku lomwelo khalani pansi ndi cholembera. Lembani nthawi imene anafika ndi imene anachoka, mayina kapena manambala awo, nambala ya galimoto, mawu amene ananena, zimene zathyoka ndi zimene zatengedwa. Jambulani chitseko ndi zipinda musanakonze kalikonse. Mneba amene anaona uja alembenso zake payekha n'kusaina, kenako zonsezo mupite nazo kwa loya kapena ku ofesi yothandiza anthu pa milandu.