Lipoti la njira zitatu lizitha ndi chisankho chimodzi

Pali mtundu wa lipoti umene umanditopetsa. Munthu wauzidwa kuti alembere mabwana ake njira zitatu zothetsera vuto la pakampani, iye n'kulemba masamba ambirimbiri, ubwino wa iyi, kuipa kwa iyo, kenako kumapeto n'kunena kuti "zili kwa akuluakulu kusankha". Ameneyu ntchito sanaimalize. Mabwana anamutuma chifukwa iwo alibe nthawi yokhala pansi n'kuwerengera. Akufuna munthu woti anene kuti tengani iyi, itidyera zakuti, ndipo ikavuta idzavutira apa.

Tiyeni tichite kuwerengera, chifukwa nkhaniyi popanda manambala siimveka. Manambalawa ndi ongoyerekezera, ndipo ndalama yake ikhale ya dziko lililonse.

Kampani ina imatumiza katundu kwa makasitomala maulendo 300 pachaka. Pakali pano imachita hayala malole a eni, ulendo umodzi 120,000. Njira zilipo zitatu: kupitiriza hayala, kugula lole yakeyake pangongole, kapena kutenga lole pa lendi ya nthawi yaitali, kumalipira chaka ndi chaka mwini wake akuikonza yekha.

Choyamba, njira zonse ziyezedwe pa zaka zofanana. Apa ndi pamene malipoti ambiri amanama osadziwa. Amaika mtengo wogulira lole pambali pa ndalama ya hayala ya chaka chimodzi, kugula n'kuoneka koopsa. Ena amaiwala dala dalaivala ndi inshulansi, kugula n'kuoneka kotchipa. Ife titenge zaka zisanu pa zonse.

Hayala ndi yosavuta kuwerenga: 36 miliyoni pachaka, 180 miliyoni pa zaka zisanu. Kusasintha kanthu nako kuli ndi mtengo wake, n'chifukwa chake kuyenera kulembedwa ngati njira.

Kugula kuli ndi zobisika zambiri. Lole ndi 60 miliyoni, chiwongoladzanja cha ngongole yonse 15 miliyoni. Dalaivala, inshulansi ndi sevisi ndi 10 miliyoni pachaka, lole iyende isayende. Mafuta ndi matayala ndi 40,000 pa ulendo, kutanthauza 12 miliyoni pachaka. Pakutha pa zaka zisanu loleyo igulitsidwa 20 miliyoni, ndiye timachotsera. Zonse pamodzi zikukwana 165 miliyoni.

Lendi ndi 15 miliyoni pachaka, zokonzetsa zili momwemo. Dalaivala ndi inshulansi 7 miliyoni, mafuta ndi matayala 12 miliyoni yomwe ija. Pachaka 34 miliyoni, pa zaka zisanu 170 miliyoni. Mumgwirizano muli mawu akuti pakatha zaka ziwiri mukhoza kubweza lole mutalipira chindapusa cha 4 miliyoni.

Wothamanga aima pomwepa n'kulemba kuti tigule, poti 165 ndiye yochepa. Ine sindingasainire lipoti limenelo, chifukwa manambala onse atatu atsamira pa chinthu chimodzi chimene palibe wachifunsa: kodi maulendo 300 aja adzakhalapobe?

Funso limene ndimafuna kuliona mu lipoti lililonse ndi lakuti, chisankhochi chimatembenukira pati? Lole yanuyanu imakupulumutsirani 80,000 pa ulendo uliwonse, ndiko kusiyana kwa 120,000 ya hayala ndi 40,000 ya mafuta ndi matayala. Koma yogulayo ili ndi ndalama zosasuntha zokwana 105 miliyoni pa zaka zisanu, kapena kuti 21 miliyoni pachaka. Gawani 21 miliyoni ndi 80,000, mupeza maulendo pafupifupi 263. Maulendo akatsika pansi pa nambala imeneyi, kugula kwasanduka kodula kuposa hayala. Kuchoka pa 300 kufika pa 263 si patali ayi. Kasitomala mmodzi yekha akhoza kukutsitsani.

Ndipo tinene kuti kasitomala woteroyo alipodi. Pa maulendo 300 aja, 100 ndi a munthu mmodzi, ndipo mgwirizano wake ukutha pakatha zaka ziwiri. Ichi ndicho chiopsezo chenicheni cha nkhaniyi. Malipoti ambiri pa gawo la ziopsezo amangondandalika mawu ngati "kukwera kwa mitengo" ndi "ngozi zapamsewu", zimene zikhoza kulembedwa pa lipoti lina lililonse. Chiopsezo chothandiza ndi chimene mwachitchula dzina, mwachiika pa ndalama, n'kuona njira imene chikuipweteka kwambiri.

Ndiye tiwerengenso, kasitomala uja atachoka ndipo maulendo atatsika kufika 200 kuyambira chaka chachitatu. Hayala itsika yokha kufika 144 miliyoni, chifukwa mumalipira ulendo umene mwayenda. Kugula kutsika pang'ono chabe, kufika 153 miliyoni, popeza ngongole ndi dalaivala sizidziwa kuti lole yaima. Pa lendi, mulipira 68 miliyoni ya zaka ziwiri, chindapusa cha 4 miliyoni, n'kubwerera ku hayala zaka zitatu zotsalazo pa 72 miliyoni. Pamodzi 144 miliyoni.

Tsopano chithunzi chasintha. Zinthu zikayenda bwino, lendi ikudula kuposa njira yotchipitsitsa ndi 5 miliyoni yokha. Zikavuta, ikufanana ndi yotchipitsitsa. Kugula kukupambana zikayenda bwino koma kukutayitsa 9 miliyoni zikavuta. Hayala ikutayitsa 15 miliyoni zikayenda bwino. Kwa ine 5 miliyoni ija ndi mtengo wa khomo lotulukira, ndipo ndi wololera.

Wina ati, nanga wogulayo sangagulitse lole yake chaka chachiwiri? Angathe, ndipo lipoti labwino liyenera kuyankha funsoli lisanafunsidwe. Koma galimoto imatsika mtengo kwambiri zaka zoyambirira, ndipo wogulitsa mofulumira ngongole ili pakhosi sakhala ndi mphamvu pokambirana mtengo. Kumbukiraninso kuti 20 miliyoni yogulitsira ija ndi yongoganizira, ndiponso imabwera kumapeto kwenikweni, pamene ndalama zogulira zimayamba kutuluka lero. Ndalama ya zaka zisanu zikubwerazo siilingana ndi ya m'manja. Mukaichepetsa moyenera, kusiyana kwa 165 ndi 170 kumacheperanso.

Choncho tsamba loyamba la lipotili, osati lomaliza, liyenera kunena motere: tikupempha chilolezo chotenga lole pa lendi, pa 34 miliyoni pachaka. Tasiya kugula chifukwa gawo limodzi mwa magawo atatu a maulendo athu lili m'manja mwa kasitomala mmodzi amene mgwirizano wake ukutha pakatha zaka ziwiri. Tasiya hayala chifukwa pa maulendo a lero ikutidyera 2 miliyoni yoonjezera chaka chilichonse. Bwana amene ali ndi mphindi ziwiri zokha awerenge pamenepo n'kudziwa chimene akusainira.

Lendi nayo ili ndi zake, ndipo zilembedwe poyera. Migwirizano yambiri yotere imaika malire a makilomita, mukapyola mumalipira. Onaninso amene alipire lole ikakhala kugalaja masiku angapo katundu akudikira. Ndime yobwezera lole ija ikakhala kuti mulibe mumgwirizano, kuwerengera konse kwagwa, chifukwa lendi yopanda potulukira imafuna maulendo 275 pachaka kuti ifanane ndi hayala, kuposa ngakhale kugula.

Lipotilo linenenso chimene chingasinthe maganizo a wolemba. Apa n'chodziwikiratu: kasitomala wamkulu uja akasaina mgwirizano wa zaka zisanu tisanatenge lole, chifukwa chosankhira lendi chatha, tigule. Ndiye asanapite nalo kwa mabwana, wolemba ayambe wafunsa a zamalonda kuti zokambirana ndi kasitomalayo zafika pati.