Yambani mwaona chilankhulo, filimu isankhidwe pambuyo

Ambirife timayamba tasankha filimu, mtima n'kukhazikika kale pa iyo, kenaka ndi pomwe timafufuza ngati ili m'chilankhulo chomwe timamva bwino. Tikapeza kuti mulibe, timangolimbikira kuonera, kwinaku tikufunsa woyandikana naye kuti kodi uja wanena chiyani. Ine ndimati tiziyambira kwinako: chilankhulo choyamba, filimu pambuyo.

Kutero si kovuta. Pa Netflix, mukatsegula pa kompyuta, pali tsamba lotchedwa Browse by Languages. Pamenepo mumasankha chimodzi mwa zitatu: Original Language, chomwe ndi chilankhulo chimene filimuyo inajambulidwira, Dubbing, kutanthauza kuti anthu ena analankhulamo m'chilankhulo china m'malo mwa ochita sewero enieni, kapena Subtitles, omwe ndi mawu olembedwa m'munsi aja. Mukatero mumasankha chilankhulo chanu, ndipo zomwe zikubwerazo n'zokhazo zimene mungamve. Pa YouTube, mukafufuza dzina la filimu, pa Filters pali Subtitles/CC. Koma iyi imangokuuzani kuti mawu olembedwa alipo, sinena kuti ndi a chilankhulo chiti, choncho mutsegulebe vidiyoyo muone nokha.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mawu olankhulidwa ndi mawu olembedwa ndi mindandanda iwiri yosiyana. Filimu ikhoza kukhala ndi mawu olembedwa a Chifalansa koma yopanda olankhula Chifalansa. Komanso mndandandawo umasintha malinga ndi dziko lomwe muli, chifukwa chilolezo choonetsa filimu chimagulidwa dera ndi dera. Ndiye mnzanu wa dziko lina akakuuzani kuti kwake chilankhulocho chilipo, sakunama, ndipo foni yanu si yowonongeka. Ngati mukufuna kusunga filimu mu foni kuti muonere popanda intaneti, sankhani chilankhulo musanaikopere, chifukwa ikasungidwa zilankhulo zosankha zimachepa.

Tsono pali dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri, loti munthu watsegula olankhula Chingerezi pa filimu ya ku Korea, watsegulanso mawu olembedwa a Chingerezi, koma ziwirizo sizikugwirizana. Amangoti womasulira ndi waulesi. Apa ndiye ndimakana. Ntchito ziwirizi zimagwiridwa padera, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ake. Wolemba mawu oti alankhulidwe amayang'ana milomo ya wochita sewero: ngati pakamwa patseguka kwa masekondi awiri, chiganizo chake chikwane m'masekondi awiriwo, ngakhale zitatengera kusintha mawu. Wolemba mawu am'munsi amayang'ana maso a wowerenga. Amapatsidwa mizere iwiri yokha, mzere uliwonse zilembo za m'ma 40, ndipo mawuwo ayenera kuwerengeka asanachoke. Onse awiri amasulira kuchokera ku Chikoreya, aliyense njira yake. Angafanane bwanji?

Ngati mukufuna kuwerenga zomwe mukumvazo, fufuzani mawu olembedwa omwe pa dzina lake pali CC kapena SDH. Awa anakonzedwera anthu a vuto lakumva, n'chifukwa chake amalemba ngakhale kugogoda kwa chitseko kapena nyimbo ikayamba, ndipo nthawi zambiri amatsatira zolankhulidwa m'chilankhulo chomwecho. Ngati kulibe, sankhani chimodzi. Kwa ine, bola kusiya mawu enieni a ochita sewero n'kumawerenga m'munsi, chifukwa mkwiyo ndi chisoni zimamveka m'mawu a mwini wake ngakhale chilankhulo chili chachilendo. Koma kwa mwana yemwe sanazolowere kuwerenga msanga, kapena munthu yemwe maso amamuvuta, olankhula m'chilankhulo chake ndiwo abwino, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Vuto lenileni limabwera pomwe filimu muli nayo kale ngati fayilo, ndipo mawu olembedwa mwawapeza padera. Musanapite kokafufuza, onani kaye ngati sali m'kati momwemo. Fayilo yothera ndi .mkv imatha kunyamula zilankhulo zingapo nthawi imodzi. Mu VLC, pulogalamu yoonerera mafilimu pa kompyuta, batani la V limasinthasintha mawu olembedwa, la B limasintha olankhula. Ngati mulibedi, fayilo ya mawu yomwe mupeze nthawi zambiri imathera ndi .srt. Muiike mu foda imodzi ndi filimuyo ndipo muipatse dzina lofanana, kuti izitseguka yokha:

```
filimu.mkv
filimu.srt
```

Fayilo ya .srt simva zomwe zikulankhulidwa. Ili ngati wotchi chabe: inalembedwa kuti chiganizo chakuti chioneke pa mphindi yakuti, basi. Ndiye ikasemphana ndi filimu, yesani malo awiri, koyambirira ndi chakumapeto, musanakhudze batani lililonse.

Tiyerekeze kuti munthu woyamba akulankhula pa 2:10, koma mawu ake aoneka pa 2:07. Mwadumphira chakumapeto, ndipo kumenekonso mawu akufulumira ndi masekondi atatu omwewo. Ili ndi vuto laling'ono. Mwina kope lanulo lili ndi kachizindikiro ka kampani koyambirira komwe kope lomwe mawuwo analembedwera linalibe. Mu VLC, batani la H limachedwetsa mawu, la G limawafulumizitsa, koma kudina kamodzi kumangosuntha mamilisekondi 50, kotero masekondi atatu afuna kudina ka 60. Chachidule n'kupita pa Tools, kenaka Track Synchronization, n'kulemba 3 pa gawo la mawu olembedwa.

Nanga ngati koyambirira zikugwirizana, pakatha mphindi 10 mawu afulumira ndi masekondi pafupifupi 25, ndipo pakatha ola afulumira ndi mphindi ziwiri ndi theka? Apa mabatani aja sangathandize, mungotopa nawo. Chachitika n'chakuti makope awiriwo amathamanga mosiyana. Mafilimu ambiri amaonetsa zithunzi 23.976 pa sekondi, pomwe makope a pa DVD ndi pa wailesi ya kanema m'maiko ogwiritsa ntchito njira youlutsira kanema yotchedwa PAL amaonetsa 25. Kope la 25 limafulumira pang'ono, moti filimu ya mphindi 120 imatha m'mphindi 115. Mawu anuwo analembedwera kope lofulumiralo. Pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit ili ndi Change frame rate, pomwe mumalemba kuti kuchokera pa 25 kupita pa 23.976, ndipo fayilo yonse imakonzeka kamodzi.

Mtundu wachitatu ndi womwe sindilimbana nawo n'komwe. Mawu akuyenda bwinobwino mpaka pakati, kenaka mwadzidzidzi asemphana ndi mphindi yathunthu. Pamenepo ndiye kuti kope lina lili ndi zochitika zomwe linalo anadula. Mukakonza apa, patsogolo pasokonekeranso. Itayeni fayiloyo, mufufuze ina yomwe dzina lake likufanana ndi la filimu yanu, makamaka chaka ndi mawu ngati BluRay, WEB kapena Extended.

Pomaliza, pali msampha wa mawu olembedwa kuti Forced. Mukasankha amenewa, filimu itha kuyenda mphindi 20 popanda chiganizo chilichonse m'munsi, inu n'kumaganiza kuti fayilo ndi yowonongeka. Ili bwinobwino. Ntchito yake n'kumasulira malo okhawo omwe wina walankhula chilankhulo chosiyana ndi cha filimu yonse, kapena pomwe paoneka chikwangwani kapena kalata. Ngati mukufuna chiganizo chilichonse, sankhani fayilo ya chilankhulo chomwecho yopanda mawu akuti Forced.