Inu Akumwa Wafarini, Lekani Kutola Mankhwala M'magolosale

Ana anga, abale anga, tamverani. Pali khalidwe lina lomwe landisowetsa mtendere pakati pa inu amene adokotala anakupatsani wafarini. Ena munaikidwa mavavu achitsulo mumtima, ena magazi anaundana m'mwendo, ena mtima wanu sugunda mwadongosolo. Nonse munauzidwa kuti mankhwalawa amachedwetsa kuundana kwa magazi. Nanga bwanji msana ukangopweteka mukuthamangira pagolosale kukagula burufeni ngati maswiti?

Tiyerekeze ndi mayi amene akumwa wafarini wa 5 mg madzulo aliwonse. Kuchipatala amuyeza magazi, INR yake yapezeka 2.5. INR ndi nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana: ikakwera kwambiri munthu amataya magazi mosavuta, ikatsika magazi amaundana msanga, ndipo kwa ambiri adokotala amafuna ikhale pakati pa 2 ndi 3. Zonse zili bwino. Yafika nyengo yopalira, chiuno chayamba kuwawa, mnzake wa m'munda wamupatsa indosidi, iye akumwa m'mawa ndi madzulo sabata yonse. Indosidi, burufeni, dikilofenaki ndi asipirini amakanda khungu la m'kati mwa chifu mpaka kupanga zilonda, komanso amafooketsa tizigawo ta magazi timene timathamangira kukatseka bala. Chilonda chatseguka, chotseka chafooka, wafarini nayenso akuchedwetsa kuundana. Mayi uja ayamba kuchita chimbudzi chakuda bii, chonanda ngati phula, chonunkha modabwitsa. Akadzuka chizungulire, zikhatho zayera. Amenewo ndi magazi akutayikira m'mimba. Choopsa kwambiri n'chakuti INR yake ikhoza kuonekabe yabwinobwino, chifukwa kuyezako sikuona zimene mankhwala a ululuwa akuchita. Musadzinamize kuti "ndinayezetsa sabata yatha, ndili bwino."

Ululu ukakuvutani, panado ndiye amene amaloledwa kawirikawiri. Komabe mukamumwa wambiri masiku otsatizana amakweza INR, choncho kauzeni adokotala. Werenganinso pakapaketi, popeza mankhwala ena a mutu ndi chimfine ali ndi asipirini m'kati. Ngati asipirini anakulemberani ndi dokotala wa mtima akudziwa za wafarini wanu, imeneyo ndi nkhani ina, tsatirani zimene anakuuzani. Bakitirimu ndi fulajilo, amene mumagawana m'nyumba mimba ikatsegula, amakweza INR koopsa m'masiku ochepa chabe. Rifampisini wa chifuwa chachikulu amachita zosiyana, amachotsa mphamvu ya wafarini magazi n'kuyamba kuundana.

Za ndiwo mundimve bwino, chifukwa apa ambiri mumasokoneza. Palibe anakuletsani masamba. Bonongwe, nkhwani, mpiru, repu ndi chigwada zili ndi vitamini K, amene amalimbana ndi wafarini, ndipo mlingo wanu anauyeza molingana ndi mmene mumadyera. Chimene chimaononga ndi kusinthasintha. Mvula ikagwa, masamba ali mbwee, mukudya mbale yodzaza masana ndi madzulo, INR imatsika ndipo magazi akhoza kuundana n'kukupatsani sitiroko. Mukawasiyiratu chifukwa cha mantha, kapena mwadwala simukudya, imakwera. Idyani mlingo wofanana sabata ndi sabata. Kadyedwe kakasintha, pitani mukayezetse. Mowa wa pamwambo, womwa tsiku limodzi mpaka kugwa, nawonso umaikweza.

Tsono inu a zitsamba! Ufa wa chammwamba supuni zodzaza m'phala, madzi owiritsa a adyo ndi jinja kapu ndi kapu, mabotolo opanda dzina ogulitsidwa m'basi akuti "amatsuka magazi." Masamba a chammwamba ndi obiriwira ngati enawo, ndipo adyo ndi jinja wochuluka chotere akhoza kuwonjezera kutaya magazi. Wothira m'ndiwo sindikumunena. Za m'botolozo ngakhale wogulitsa sangakuuzeni mlingo wake, nanga dokotala akonza bwanji mlingo wa wafarini wanu?

Tsiku loyezetsa INR musalumphe ati chifukwa mukupeza bwino. Munthu samva m'thupi kuti INR yafika 6. Poyamba amayeza pafupipafupi, ikakhazikika amatalikitsa, nthawi zambiri kamodzi pamwezi. Ndikudziwa kuti thiransipoti yakwera mtengo, koma ikani ndalama imeneyo padera. Mukaiwala kumwa wafarini n'kukumbukira mawa lake, musamwe awiri, imwani wa tsikulo basi, mukanene kuchipatala. Amayi amene mukufuna pathupi kapena mwadumpha mwezi, fulumirani kwa dokotala, wafarini amavulaza mwana m'mimba.

Mukaona kamfuno wosaleka patatha mphindi 10 mutatsina mphuno, mkodzo wofiira, masanzi a magazi, chimbudzi chakuda chija, kapena mwagwa n'kumenyetsa mutu ngakhale simukumva kuwawa, musadikire kuche. Nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a chilichonse chimene mwamwa, ngakhale botolo la zitsamba lija, ndipo mukangofika nenani kuti mumamwa wafarini.