Ngati kuyenda kumavuta, yambani ndi zipi ndi mipendero

Maganizo anga ndi akuti munthu waulumali amene amavutika kuyenda asankhe ntchito yoti kasitomala azibwera nayo yekha pakhomo, ndipo zipangizo zake zizikwana m'kabokosi kamodzi. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kukonza zovala osati kusoka zatsopano. Zatsopano zimafuna kukasankha nsalu, kudula pathebulo lalikulu ndi kuyeza munthu kangapo, pomwe kukonza kumangofuna ulusi, singano, lumo ndi mazipi ochepa.

Makina osokera opalasa ndi miyendo asiyeni ngati miyendo ilibe mphamvu. Opukusa ndi dzanja amathandiza, koma dzanja limodzi lokha ndi limene limatsala kuwongolera nsalu, choncho msoko wa pazipi umakhota. Pamene pali magetsi, mangirirani mota pamakinawo, chopondera chake muchiike pathebulo n'kumachidina ndi chigongono. Manja onse awiri amakhala pansalu. Pansi pa thebulo pakhale mpata wa masentimita pafupifupi 70 kuti mawondo alowe muli panjinga yanu ya olumala. Mukakhala patali mumaweramira kutsogolo, msana n'kuyamba kuwawa ntchito isanafike pakati.

Tiyerekeze kuti wina wabweretsa jekete loti zipi ikumatseguka m'mbuyo akaikoka. Musathamangire kusomola zipi yonse. Yang'anani mano ake kaye. Ngati onse alipo ndipo sanapindike, chatha ndi kamutu kokokera, kamene kamakhamuka n'kuleka kulumanitsa manowo. Kumbuyo kwake nthawi zambiri kumakhala nambala, monga 3 kapena 5. Chotsani kachitsulo kotsekera kumtunda, solotsani kamutu kakale, lowetsani ka nambala ndi mtundu womwewo, n'kubwezera chotsekera. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zipi yonse isinthidwe pokhapokha mano ataguluka kapena nsalu yake itang'ambika.

Kufupikitsa thalauza kumavuta poyeza, poti telala amagwada kuti abaye mapini. Inu muuzeni kasitomala abweretse thalauza lina limene limamukwana bwino, muyeze msoko wa m'kati mwa mwendo, muwonjezere masentimita 3 kapena 4 opindira. Pajinzi ikani singano ya 100/16, chifukwa yopyapyala imathyoka pamphambano ya misoko. Ulusi ukamapotana kunsi kwa nsalu, anthu ambiri amalimbana ndi bobini ya ulusi wapansi, chonsecho vuto limakhala ulusi wapamwamba. Ulowetseninso ulusiwo pamene kaphazi kopanikiza nsalu kali m'mwamba.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi kulonjeza kuti "mubwere madzulo". Thupi lili ndi masiku ake, ndiye nenani masiku atatu ngakhale ntchito ili ya ola limodzi. Ndipo amene samva bwino kumunsi kwa thupi azisuntha kakhalidwe pamphindi 15 mpaka 30 zilizonse, chifukwa chilonda cha kukhalitsa chimatha kumugoneka munthu milungu yambiri, makasitomala n'kupita kwina.