Kolera wafika kuno, inu mukadali pa "tione kaye mawa"?

Abale anga, ana anga, tamverani kuno, wakutsina khutu ndi mnansi. Kolera walowa mdera mwathu muno, alangizi a zaumoyo ayenda khomo ndi khomo kugawa kolorini, mwawaona ndi maso anu, koma zimene ndikuona m'makomomu zikundiwawa mumtima. Mabotolo a kolorini aja ena ali pawindo padzuwa osatsegulidwa n'komwe, ena mwachapira zovala kuti ziyere, madzi akumwa ndiye mukungomwa choncho akuti kolorini amanunkha. Fungo limenelo laika ndani m'manda?

Mwaiwala kale 2022 ndi 2023? Matendawa anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 mvula ya namondwe itagwetsa zimbudzi, n'kufalikira maboma onse a dziko lino, anthu opitirira 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 tinawaika m'manda, mpaka masukulu a ku Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Ambiri mwa anthu amenewo sanayenere kufa. Kolera munthu akathandizidwa nsanga, pa anthu 100 odwala mwina amamwalira mmodzi kapena osamwalira ndi mmodzi yemwe, koma akakula n'kusiyidwa pakhomo atha kutenga ngakhale theka la odwalawo. Kusiyana kwake ndi maola amene mumataya mukufunsana pakhonde.

Ndiyambe ndi madzi chifukwa ndi m'mene mukundikwiyitsa kwambiri. Kachilombo ka kolera kamachoka m'chimbudzi cha munthu n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'manja, palibe za ufiti apa. Ndipo ambiri amene ali nako sadwala n'komwe, akuyenda bwinobwino, koma akukatulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Ndiye taonani m'mene tamangira kuno, chitsime apa chimbudzi apo, mvula ikagwa zonse zimasakanikirana pansi pa nthaka. Madzi aja atha kuoneka oyera mbee koma kachilombo muli. Ena mukuti ife timatunga pamjigo kapena pakiyosiki, athu ndi abwino. Chabwino, pampopi atuluka abwino, nanga ndowa yosavindikira ija, nanga masamba amene mumaponyamo kuti asatayike panjira, nanga kapu imene mwana wachoka nayo pansi n'kuviika mumtsuko dzanja lonse kulowa? Madzi ambiri amaipira m'nyumba mwathu momwemu. N'chifukwa chake nthawi ya mliri timathira kolorini madzi onse akumwa, kaya achokera kuti.

Kathiridwe kake nakonso kali ndi malamulo, si kungodontheza mwa mwambo ayi. Ngati ndi Wotagadi wa m'botolo, chitsekerero chimodzi ndi cha madzi okwana malita 20, ndowa yaikulu ija kapena chigubu chachikasu chodzadza. Ngati ndi kolorini wosungunula kale amene akugawa alangizi, afunseni muyezo wake pa malita 20 ndipo mugwiritse womwewo, osachepetsa kuti akhalitse, osaonjezera kuti agwire kwambiri. Mukathira vundulani kapena khutchumulani chigubucho, vindikirani, mudikire mphindi 30 musanamwe. Apa ndi pamene ambiri mukulakwitsa, mukuthira uku kapu ili kale m'manja, mankhwala asanagwire ntchito mwamwa kale, mawa mudzati kolorini ndi wabodza.

Madzi akakhala amatope, ngati a pachitsime mvula itagwa, kolorini amathera pa litsirolo asanaphe tizilombo. Adikireni akhazikike kaye, mutsanulire mu ndowa ina mosefa ndi nsalu yoyera, kenako ndiye muthire, ndipo ngati akadali otuwa muyezo umakhala kawiri. Pakatha mphindi 30 zija madzi azimveka kafungo ka kolorini pang'ono. Kafungo kameneko ndi umboni woti mankhwala atsalamo oteteza madziwo, ngati sikakumveka n'komwe dziwani kuti mwina kolorini wanu anasuluka. Amasuluka ndithu akakhala padzuwa kapena botolo likakhala losatseka, ndiye musungeni pamthunzi, pamwamba poti ana safikira, ndipo chonde musamuike m'botolo la fanta losalemba kanthu, mwana adzamwa. Sungirani madziwo m'chigubu cha pulasitiki chakukamwa kwakung'ono kapena ndowa ya kampopi, muzitsanula osati kuviika kapu, ndipo akagona tsiku lathunthu tungani ena muthirenso. Kolorini wa ufa uja, wa mphamvu uja, si wothira mu ndowa mwachindunji, ameneyo amasungunula ndi alangizi. Ngati kolorini mulibiretu wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, makala ndi odula inde tikudziwa tonse, koma bokosi la maliro ndi lodula kuposa.

Madzi omwewo otetezedwa ndi amene muzitsukira mbale, tomato ndi mango, ndi amene muzisungunulira sobo ndi kupangira mafilizesi. Inu amayi ogulitsa thobwa ndi mafilizesi pageti pa sukulu, madzi anu mukutunga kuti? Ndipo zosamba m'manja mu beseni limodzi banja lonse kuyambira bambo mpaka mwana womaliza zithe, tizithirirana, ndi sopo.

Tsopano nkhani yaikulu, ya wodwala. Tinene kuti bambo a pakhomo abwera ku ganyu madzulo ali bwinobwino, cha m'ma 8 koloko usiku ayamba kutsekula m'mimba, kamodzi, kawiri, katatu, zamadzimadzi zokhazokha zotuwa ngati madzi otsukira mpunga, nthawi zambiri m'mimba osapota n'komwe ndipo thupi osatentha, kenako kusanza. Poti sizikupweteka, mayi akuti mwina ndi zibwente zamasana zija. Mnyamata atumidwa kuokala kukagula fulajilo ndi mankhwala oimitsa kutsekula. Pofika pakati pa usiku miyendo yayamba kukokana, mawu asasa, maso alowa m'kati, mkodzo wasiya kutuluka. Wina akuti tiyitane abusa, wina akuti kunja kwada tidikire kuche. Kukamacha munthu wazizira manja ndi mapazi, zala zachita makwinya, sakuyankha bwino, ndi pamene mukuthamangira kabaza. Munthu wamkulu wodwala kolera woopsa amatha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola limodzi, ndiye werengani nokha kuyambira 8 koloko mpaka m'mawa kuti m'thupimo mwatsala chiyani. Kolera amapha pomaliza madzi ndi mchere m'thupi, magazi n'kulephera kuyenda, impso n'kuima. Fulajilo sabwezera madzi amenewo ngakhale dontho.

Chimene banja limenelo linayenera kuchita ndi ichi. Nthawi ya mliri ngati ino, munthu akangotsekula zamadzi katatu pa tsiku limodzi, kapena kamodzi kokha koma kochuluka kotuwa kuja, mutengeni ngati kolera mpaka achipatala anene okha kuti si iye. Pomwepo sungunulani Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi othira kolorini kapena owiritsa, ayambe kumwa, uku wina akusaka mayendedwe. Osati amwe Thanzi tione ngati zisinthe ayi, zonse ziwiri nthawi imodzi, botolo la Thanzi likhale m'manja panjira yonse azimwabe. Thanzi akasowa tengani lita imodzi ya madzi otetezedwa, masipuni ang'onoang'ono a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yomweyo la mchere, musachulutse mchere makamaka kwa mwana, izi n'zongomufikitsa kuchipatala basi. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso pang'onopang'ono, kwa mwana ndi sipuni. Zoti ukamupatsa madzi ndiye atsekula kwambiri ndi bodza limene lapha ana ambiri. Woyamwa apitirize kuyamwa.

Ndipo pali zizindikiro zoti mukaziona musafunsenso munthu, kaya ndi 2 koloko usiku kaya kukugwa mvula, gogodani kwa aneba a galimoto kapena a njinga yamoto. Wodwala akulephera kumwa kapena akusanza chilichonse, wafooka moti akungogona osadzuka bwino, maso alowa, mukatsina khungu la pamimba likuchedwa kubwerera, sakukodza, akupuma mofulumira, manja azizira. Kwa khanda liwombo limalowa m'kati ndipo limalira popanda misozi, ndiye musayambe zomata mankhwala paliwombo, mwanayo watha madzi. Munthu wofika pamenepa Thanzi yekha samukwanira, akufunika dilipi yolowetsa madzi mumtsempha mwachangu, ndipo dilipi ili kuchipatala kokha. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ngati ife ndi amene akudwala kale matenda ena, amenewa musadikire n'komwe kuti zizindikirozi zioneke, mayi woyembekezera atha kupita padera chifukwa cha kutha madzi komweku.

Ndamvanso manong'onong'o aja ayambiranso, akuti kutenti ya kolera ukalowa sutuluka, akuti madilipi akupopa magazi. Ana inu, dilipi ndi madzi a mchere akulowa m'thupi, yang'anani thumbalo likuphwa, silikudzadza. Amene amafera kutenti ambiri ndi aja mwawasunga pakhomo usiku wonse n'kukawatula atatsala mpweya wokha, kenako mlandu mukupatsa anamwino amene sanagone chifukwa cha abale anu. Ku chipatala cha boma chithandizo cha kolera ndi chaulere. Ena ndi manyazi chabe, akuti anthu aziti pakhomo pathu ndi pauve, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pemphero sindikuletsa, inenso ndimapemphera, koma abusawo akupezeni panjira kapena kuchipatala konko. Ngati mwasokonezeka imbani 929, Chipatala cha pa Foni, ndi ulere, koma muziimba muli kale paulendo.

Wodwala akapita otsala pakhomo musakhale chete. Uzani alangizi a zaumoyo abwere adzapopere mankhwala pamene anagona ndi kuchimbudzi, poti kolorini wophera tizilombo m'masanzi ndi m'chimbudzi ndi wamphamvu kuposa wa madzi akumwa uja. Zofunda ndi zovala zake musakachapire kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, mupatsira mudzi wonse, matewera ndi zonse zotuluka m'thupi zipite m'chimbudzi chokumba. Matendawa amatha kuonekera pakangotha maola 12 kapena mpaka masiku 5 munthu atatenga kachilombo, ndiye sabata imeneyo muziyang'anirana, wina akangoyamba kutsekula nayenso ulendo womwewo. Zikavuta munthu n'kutisiya, thupi lake limakhala ndi tizilombo tochuluka kwambiri, musalimbane ndi achipatala kuti tikasambitse tokha kunyumba, ndipo zophika mphika waukulu pamaliro otero zidikire. Ndikudziwa zimapweteka kuika m'bale mwachangu chotero opanda mwambo wonse, ndalira nawo maliro otere, koma tisaike anthu atatu chifukwa cha mmodzi.

Lero lomwe musanagone, pakhomo panu pakhale mapaketi a Thanzi angapo, chigubu chothira kolorini, ndi nambala ya wakabaza amene amayankha foni usiku. Inu achinyamata amene mukuwerenga izi pafoni, kawerengereni agogo anu ndi aneba amene alibe foni, ndipo botolo lili pawindo lija kalichotseni padzuwa pompano.