Nyumba imene mwana anapatsidwa kale: Mozambique ndi Malawi saiwerenga mofanana

Tiyerekeze kuti bambo wa ku Tete, amene mkazi wake anamwalira kale, ali ndi ana atatu. Adakali moyo wapatsa mwana wachisamba nyumba ya mametikali 300,000. Pomwalira wasiya chuma cha mametikali 900,000, wilu palibe. Kodi wachisambayo alandirenso mofanana ndi azing'ono ake?

Malamulo a ku Mozambique, amene mizu yake ili ku Portugal, amati ayi. Amaona mphatso yaikulu ngati gawo la cholowa limene mwana walandiriratu. Pogawa, mtengo wa nyumba ija umaphatikizidwa ndi chuma chotsala, zonse n'kukwana 1,200,000, ndipo aliyense gawo lake ndi 400,000. Wachisamba ali kale ndi 300,000 m'manja, choncho amangoonjezeredwa 100,000, enawo n'kutenga 400,000 aliyense. Nthawi zambiri nyumba salandidwa, imangowerengedwa. Kholo likafuna kuti mphatsoyo isawerengedwe, liyenera kunena momveka. Ndalama zolerera mwana kapena zothandizira ukwati wake, ngati zili zolingana ndi kapezedwe ka banjalo, sizilowa m'masamu amenewa.

Ku Malawi nkhani yomweyi ingayende njira ina. Lamulo la mu 2011 loona za chuma cha masiye silipereka masamu otere. Chimene kholo linapereka kotheratu lili moyo sichikhalanso m'gulu la chuma chamasiye. Komabe gawo 17 la lamuloli limati pogawa chuma cha womwalira wopanda wilu, pakhale kuganizira zofuna zimene iye ananena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo la maphunziro kapena zofunika zina pa moyo limene mwana analandira, komanso zimene mwanayo anachita potukula chuma cha kholo. Mwana wamng'ono amayeneranso kupeza gawo lokulirapo kuposa wamkulu.

Apa ndi pamene ndimagoma nalo lamulo la ku Malawi. Mwana amene analipiriridwa sukulu mpaka ku yunivesite sangafanane ndi chitsiriza amene bambo amusiya ali Sitandade 5, ndipo lamulo laona zimenezo. Koma limandidetsanso nkhawa. Kuganizira si kuwerengera. Wachisamba atha kunena kuti nyumbayo anapatsidwa chifukwa ndiye ankadwazika bambo, azing'ono ake n'kumati linali gawo lake, ndipo amene akanathetsa mkanganowo ali m'manda. Woweruza amatsala ndi mawu a mboni, ena okondera, ena oiwala.

Pa mphatso zikuluzikulu ngati nyumba ndi galimoto, ine ndikuona kuti a ku Mozambique anachita bwino, chifukwa kholo likakhala chete, banja limadziwiratu yankho. Ku Malawi kholo lopatsa mwana nyumba lisamangodalira pakamwa. Lisinthe dzina pa mapepala, kenako lilembe mu wilu, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ngati nyumbayo ichotsedwe pa gawo la mwanayo kapena ayi.