Mapepala a mayeso akale a BK amatiuza ndime imene ingabwerenso, satiuza funso

Nyengo ya mayeso a MSCE ikamayandikira, ana a Fomu 4 amene ndimawaphunzitsa phunziro la Baibulo, lomwe tonse timangolitchula kuti BK, amabwera ndi funso limodzimodzi: "Aphunzitsi, chaka chino kubwera chiyani?" M'manja amakhala atanyamula mapepala a mayeso a MANEB a zaka za m'mbuyo, ndipo chikhulupiriro chawo chimakhala chakuti akawayang'anitsitsa apeza mafunso a chaka chino atabisala m'menemo. Sindiwaletsa kuwerenga mapepalawo, chifukwa inenso ndimawagwiritsa ntchito chaka chilichonse. Koma maganizo anga ndi akuti ambiri amawawerenga molakwika, pakuti amaloweza funso ndi yankho lake, pamene chimene chimabwerezedwa kawirikawiri ndi ndime ya m'Baibulo, ndipo funso lofunsidwa pa ndimeyo limasintha mbali.

Ntchito yake ndimaiyamba motere. Timatenga mapepala a zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zotsatizana, n'kutsegula kope pakati pomwe masamba awiri akuyang'anana. Kumanzere timalemba mitu yonse ya m'silabasi motsatana, kuyambira pa Yesaya, kudzera mu Uthenga Wabwino wa Luka, mpaka m'Machitidwe a Atumwi, ndipo pamwamba timalemba zaka. Kenaka timawerenga funso lililonse n'kudzifunsa kuti lachokera pa chaputala chiti ndi mavesi ati. Apa mwana wina amangoika kachizindikiro m'bokosi n'kupitirira, koma ine ndimakakamira kuti alembemo mawu awiri kapena atatu osonyeza chimene funsolo linkafuna: kusimba nkhani, kupereka zifukwa, kufotokoza tanthauzo, kapena kunena phunziro limene anthu a lero angatengepo. Mndandanda wa mitu uyenera kuchokera m'silabasi, osati m'mapepala a mayesowo, chifukwa mukayambira pa mapepala mitu imene sinafunsidwe simuiona n'komwe, ndipo mumayamba kuganiza kuti kulibe.

Tebuloli likatha, mumaona mizere ina yodzaza ndi ina yopanda kanthu. Koma mukawerenga mzere umodzi wodzaza kuchokera kumanzere kupita kumanja, mumapeza kuti mawu a m'mabokosiwo si amodzimodzi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Olemba mayeso amatenga mafunso m'silabasi yomweyo chaka ndi chaka, ndipo nkhani zazikulu za m'mabukuwa ndi zowerengeka, choncho kubwerera ku ndime yomweyo n'kosapeweka. Chimene angathe kusintha ndi khomo lolowera m'ndimemo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi chaputala 7 cha Yesaya. Nkhani yake ndi ya cha m'ma 734 Khristu asanabadwe, pamene Rezini mfumu ya Siriya ndi Peka mfumu ya Israeli anagwirizana zothira nkhondo Yerusalemu, mfumu ya Yuda ili Ahazi. Yesaya anatumidwa kukakumana ndi Ahazi kumapeto kwa ngalande ya dziwe lakumtunda, atatenga mwana wake Seari-Yasubu, dzina lotanthauza kuti otsala adzabwerera. Anauza mfumu kuti isaope mafumu awiriwo, amene anawayerekeza ndi zitsa ziwiri za nkhuni zongofuka utsi, ndipo pambuyo pake mfumuyo inauzidwa kuti ipemphe chizindikiro. Ahazi anakana, akunena kuti sangayese Mulungu, ndipo apo ndi pamene Yesaya anapereka chizindikiro cha Imanueli.

Tsono tiyerekeze kuti mwana wapeza m'pepala lakale funso lomufunsa kuti asimbe kukumana kwa Yesaya ndi Ahazi, ndipo waloweza zonse ndalembazi. Chaka chake chikafika, ndime yomweyo yabwera, iye n'kusangalala kuti analosera molondola, koma funso likufuna zifukwa zimene Ahazi anakanira chizindikiro. Mwanayo amalemba tsamba lonse kusimba nkhani, n'kutchula chifukwa chimodzi chokha chimene Ahazi ananena ndi pakamwa pake. Yankho lokwanira limafuna kuti aone kuti mawu a Ahazi anali ophimbira chabe, popeza mtima wake unali utatsamira kale kwa Asiriya, monga tikuwerenga mu 2 Mafumu chaputala 16 kuti anatumiza siliva ndi golide kwa mfumu Tigilati-Pilesere kuti amuthandize. Kulandira chizindikiro kukanamumanga kuti adalire Mulungu n'kusiya njira imeneyo. Mwana uja amatuluka m'chipinda cha mayeso ali wokhutira, ndipo zotsatira zikatuluka samvetsa kumene malikisi anapita. Wochonga amapereka malikisi pa mfundo zimene funso lafuna, ndipo kutalika kwa yankho sikumusuntha.

N'chifukwa chake ndime iliyonse imene yaoneka kangapo pa tebulo ndimafuna kuti mwana aizungulire mbali zonse zinayi mayeso asanafike. Pa chaputala 7 chomwechi, adziwe kusimba zimene zinachitika motsatana, adziwe chifukwa chimene mafumu awiri aja anaukirira Yuda, chomwe akatswiri ambiri amati chinali kufuna kukakamiza Yuda kulowa m'gwirizano wolimbana ndi Asiriya, adziwe tanthauzo la mayina a Seari-Yasubu ndi Imanueli, ndipo athe kunena chimene mtsogoleri wa lero angaphunzire pa mantha a Ahazi. Mbali imene sinafunsidwepo m'zaka zimene muli nazo ndi imene ndimailimbikira kwambiri, chifukwa ndi yomwe mwana amakhala asanaiyeserepo kulemba.

Palinso msampha wina umene tebulo losalembedwa bwino limaubisa. M'machaputala 36 ndi 37 a Yesaya muli nkhani ya Hezekiya, mwana wa Ahazi, pamene Senakeribu mfumu ya Asiriya anaopseza Yerusalemu m'chaka cha 701 Khristu asanabadwe. Kazembe wa Asiriya anaima pamalo omwe aja, pa ngalande ya dziwe lakumtunda, pomwe Yesaya anakumanira ndi Ahazi zaka zoposa makumi atatu m'mbuyomo. Mzinda ndi womwewo, mneneri ndi yemweyo, malo ndi omwewo, ndipo uthenga wakuti mfumu isaope ndi wofanana. Mwana amene analemba pa tebulo lake mutu umodzi wakuti "Yerusalemu aopsezedwa" amasakaniza nkhani ziwirizi, n'kuika Senakeribu m'nthawi ya Ahazi. Ndaonapo mayankho otero pochonga mayeso oyeserera, ndipo zimandipweteka chifukwa amakhala ana olimbikira. Kusiyana kwake n'kwakukulu: kwa Ahazi, Asiriya anali mthandizi amene anamuitana yekha, pamene kwa Hezekiya anali mdani ali pakhomo, ndipo Hezekiya anatenga kalata yomuopseza n'kukaifunyulula pamaso pa Mulungu m'Kachisi.

Zofananazo zimachitika ndi kutembenuka mtima kwa Saulo, komwe kwalembedwa katatu m'Machitidwe a Atumwi. M'chaputala 9 akusimba ndi wolemba bukulo, m'chaputala 22 Paulo akudziteteza pamaso pa khamu la anthu ku Yerusalemu, ndipo m'chaputala 26 akulankhula pamaso pa mfumu Agripa ku Kaisareya, kumene dzina la Hananiya silitchulidwa n'komwe. Funso likafuna zimene Paulo ananena kwa Agripa, mwana amene analoweza chaputala 9 chokha adzadzaza pepala ndi za Hananiya ndi zakhungu la masiku atatu. Pa tebulo, nkhani zitatuzi zikhale mizere itatu.

Ndifike tsopano pa malire a kulosera, chifukwa apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Ana amakonda kunena kuti mutu wakutiwakuti unabwera chaka chatha, ndiye sungabwerenso, ndipo ena amati mutu uwu watha zaka zinayi usanabwere, ndiye chaka chino ndi chake. Mfundo ziwirizi zimamveka zanzeru, koma palibe lamulo limene limamanga olemba mayeso kuti atsate dongosolo lotere. Mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi ndi ochepa kwambiri kuti munthu apezemo kasinthasintha wodalirika, ndipo maso a munthu amaona dongosolo ngakhale pamene zinthu zangochitika mwangozi. Tebulo lingakuuzeni mosakayikitsa kuti ndime izi ndi mizati ya silabasi, kotero muzipatse nthawi yochuluka. Silingakupatseni chilolezo chodumpha chaputala chilichonse. Ine ndimalangiza kuti pa magawo atatu a nthawi yobwereza, awiri apite ku mizere yodzaza, ndipo limodzi lipite ku mizere yopanda kanthu ija, kuti mwana asakumane ndi ndime imene sanaitsegulepo.

Muyeneranso kusamala ndi gwero la mapepalawo. Silabasi ikasintha, mapepala a silabasi yakale amakhala ndi mitu ina imene inachotsedwa, ndipo mitu yatsopano imaoneka ngati yosafunika chifukwa chakuti sinakhale ndi zaka zambiri zofunsidwira. Funso limene simukupeza mzere wake pa mndandanda wa silabasi yanu ndi chizindikiro chakuti pepalalo ndi la nthawi ina. Timabuku tina togulitsidwa m'misewu ndi mafunso ozungulira pa WhatsApp zimasakaniza mafunso a MANEB ndi a mayeso oyeserera a m'sukulu zosiyanasiyana popanda kulemba chaka, ndipo mukawerengera zimenezi funso limodzi limalowa m'tebulo katatu n'kuoneka ngati lotchuka. Pepala lopanda chaka ndimaligwiritsa ntchito poyeserera kulemba, koma pa tebulo sililowa. Ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi mafunso enieni a chaka chino, dziwani kuti kumeneko sikulosera koma likasa, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ana osalakwa n'kukalembanso.

Njira yodziwira ngati mwana wapindula ndi mapepala akale ndi yapafupi. Ndimatenga ndime imene akuti waidziwa, monga fanizo la Msamariya wachifundo mu Luka chaputala 10, n'kumuuza kuti atseke kope, kenaka ndimamufunsa chimene chinachititsa Yesu kunena fanizolo. Amene analoweza yankho la m'pepala lakale amayamba pomwepo ndi munthu wotsika kuchokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko. Amene anawerenga ndime yonse amayamba ndi katswiri wa malamulo uja amene anafuna kuyesa Yesu pofunsa za moyo wosatha, ndipo pofuna kudzilungamitsa anafunsanso kuti mnansi wake ndani. Woyambayo ndimamubweza kuti akatsegule Baibulo pa vesi 25, awerenge kuyambira pamenepo.